Ukwati umene ukanathetsa chidani: chifukwa chake nkhani za okondana a m'mabanja odana zimatiliza

Amene anawerenga sewero la Romeo ndi Juliet ku sekondale, afunseni funso limodzi: kodi banja la Montague, kwawo kwa Romeo, ndi banja la Capulet, kwawo kwa Juliet, anayambana chiyani? Ena anena kuti ndi malo, ena chuma, ena akumbukira ngati panaphedwa munthu kalekale. Onse akungopeka. William Shakespeare sanatchule chifukwacho paliponse m'sewero lonselo. Mawu otsegulira amangonena kuti pali chidani chakale pakati pa mabanja awiri olemekezeka mofanana mumzinda wa Verona, basi. Anthu asanu ndi mmodzi amamwalira seweroli lisanathe, ndipo palibe ngakhale mmodzi mwa amoyo amene akanaima n'kufotokoza pamene mlandu unayambira.

Kusatchula chifukwaku si kuiwala kwa mlembi. Tikanauzidwa kuti a Montague analanda munda wa a Capulet, tikanakhala oweruza, n'kuyamba kuyeza kuti wolakwa ndani. Koma popeza palibe mlandu woti tiweruze, chimene chatsala pamaso pathu ndi chidani chokhachokha, chimene ana anachipeza pobadwa monga mmene munthu amapezera mfunda wake. Ndipo aliyense amene anakulira pamudzi amachidziwa chidani chotere. Pali nyumba imene ana amauzidwa kuti musakapale moto, pali chitsime chimene amayi anu satungako, ndipo mukafunsa amakuyankhani kuti za akuluakulu izo. Mukadzakula n'kufufuza, mumapeza kuti amene anayambana anagona kale kumanda, ndipo nkhani yake inali ya mbuzi imene inadya chimanga, kapena malire a dimba.

Anthu ambiri akafunsidwa chifukwa chake nkhani zoterezi zimakhudza mtima amati n'chifukwa choti chikondi choletsedwa chimakoma. Yankho limeneli lili ndi kachoonadi pang'ono, koma ndi laling'ono kwambiri. Ine ndimaona kuti mphamvu ya nkhanizi ili pena: m'miyambo yambiri ya anthu, ukwati ndiwo unali mankhwala a chidani. Choncho tikaona mnyamata ndi mtsikana a m'mabanja odana akukondana, timaona mankhwala atafika pakhomo pa wodwala, ndipo timaonerera wodwalayo akuwataya.

Kuti izi zimveke, tiyenera kukumbukira kuti ukwati woti anthu awiri angogwirizana okha ndi chinthu chatsopano padziko lapansi. Kwathu kuno timanena kuti ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma mwambi umenewu umanena za nkhani za m'nyumba ukwati utamangidwa kale. Pomanga pamafunika anthu ambiri. Pamafunika ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi, pamafunika malume amene ndi mwini mbumba, ndipo pa chinkhoswe amene amapatsana nkhuku si okwatiranawo koma mabanja. Kuyambira tsiku limenelo anthu amene anali alendo amasanduka apongozi, alamu ndi asewere. Maliro a kuno amakhala maliro a uko. Mwana amene adzabadwe adzakhala ndi agogo mbali zonse ziwiri, ndipo n'kovuta kuponyera mkondo mudzi umene uli ndi mdzukulu wako.

Nzeru imeneyi si ya Achewa okha. Akatswiri ophunzira za chikhalidwe cha anthu analemba kuti Agusii a ku Kenya amanena kuti amene timakwatirana nawo ndi omwe timamenyana nawo, ndipo anthu a mtundu wa Enga ku Papua New Guinea ali ndi mawu ofanana nawo. Tanthauzo lake ndi losavuta. Sungakwatire m'bale wako, ndiye uyenera kukwatira kunja, ndipo akunja amene ali pafupi ndi omwewo amene mumalimbirana nawo msipu ndi madzi. Mdani ndi mlamu amachokera mudzi umodzi. Anthu oyamba kuonera sewero la Shakespeare cha m'ma 1595 ankadziwa izi kuchokera m'mbiri ya dziko lawo lomwe la England. Nkhondo ya zaka pafupifupi 30 yolimbirana ufumu pakati pa banja la Lancaster ndi banja la York inatsekedwa ndi ukwati mu 1486, pamene mfumu Henry VII, wa mbali ya Lancaster, anakwatira Elizabeth wa banja la York. Mfumukazi imene inkalamulira pa nthawi ya seweroli, Elizabeth I, inali mdzukulu wa ukwati umenewo.

Ndiye pamene wansembe Laurence akuvomera kudalitsa ukwati wa Romeo ndi Juliet, sakuchita zamisala. Iye mwini akunena chifukwa chake: akuyembekeza kuti ukwatiwo usandutsa chidani cha mabanja awiriwa kukhala chikondi. Maganizo ake ndi omwe aja a makolo akale. Cholakwika n'chimodzi, ndipo Mchewa aliyense angachione msanga kuposa mzungu wa lero: ukwatiwo ulibe ankhoswe. Ukwati umayanjanitsa mabanja ukachitika poyera, mabanjawo ataitanidwa, atakhala pamphasa, atavomera. Ukwati wa m'chipinda cha wansembe, umene akuudziwa ndi anthu ochepa okha, ulibe mphamvu yoyanjanitsa aliyense, chifukwa oyenera kuyanjanawo sakudziwa n'komwe kuti asanduka achibale.

Taonani mmene chinsinsi chimenechi chikuphera anthu. Romeo ndi Juliet akumana Lamulungu madzulo pa phwando la kwa a Capulet. Lolemba masana akwatirana. Patangopita kanthawi kochepa tsiku lomwelo, Romeo akumana mumsewu ndi Tybalt, msuweni wa Juliet, amene akumufuna ndewu. Romeo akana kumenyana naye ndipo amulankhula mofatsa, chifukwa iye akudziwa kuti ameneyu tsopano ndi mlamu wake. Koma Tybalt sakudziwa, ndiye akuona ngati akunyozedwa. Mercutio, bwenzi la Romeo, nayenso sakudziwa, ndiye akuona ngati mnzake wachita mantha, ndipo asolola lupanga kuti achotse manyaziwo. Romeo alowa pakati kuti awaleretse, ndipo Tybalt abaya Mercutio podutsitsa lupanga kunsi kwa mkono wa Romeo yemweyo. Mercutio afa akutemberera mabanja onse awiri. Romeo, atapsa mtima, apha Tybalt, ndipo wolamulira mzinda amupirikitsa mu Verona.

M'chigawo chimenechi muli chinthu chimene chimafinya mtima wa woonera. Ife tokha, pamodzi ndi Romeo, ndife tikudziwa kuti anthu akuphanawa ndi pachibale. Tikanakhala pamenepo tikanafuula mawu amodzi okha ndipo malupanga akanabwerera m'zimake. Koma sitingafuule. Mlembi watipatsa udindo wa nkhoswe, wodziwa mbali zonse ziwiri ndi wofunira zabwino onse, kenako watimanga pakamwa. Kumva kuwawa kumene timamva si chisoni chabe ayi, ndi kuja kumene munthu amamva akaona mwana akuyandikira moto iye ali kutsidya kwa mtsinje.

Ndipo zindikirani kuti mbali zonse ziwiri zili ndi anthu oti n'kuwakonda. Nkhani ya chikondi imene woletsa wake ndi mfiti kapena chilombo siliza munthu, chifukwa chilombo ukhoza kuchida ndi mtima wonse. Pano woletsa ndi bambo ako. Bambo Capulet si munthu woipa kuyambira pachiyambi. Pamene mnyamata wolemekezeka wotchedwa Paris akudzafunsira Juliet, iwo akuti mwanayo akadali wamng'ono, adikire zaka ziwiri, ndiponso ayambe wamukopa mtima. Pa phwando paja Tybalt atazindikira Romeo n'kufuna kumuchita chipongwe, ndi bambo Capulet amene akumuletsa, akunena kuti mumzinda monse mnyamatayo amadziwika kuti ndi wamakhalidwe abwino. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiona: akuluakulu eni chidani atopa nacho. Amene akuchisonkhezera ndi antchito a pakhomo, amene akutsegula seweroli ndi kuputana mumsewu, ndi achinyamata ngati Tybalt amene ulemu wawo wonse uli pa dzina la banja. Woonera amatsala ndi funso lomuvutitsa, loti mwina Romeo akanatuma munthu kukagogoda pakhomo mwaulemu, nkhalambayo ikanavomera.

Koma bambo yemweyo ndi amene, patangopita masiku awiri, akuopseza mwana wake kuti akakana Paris amutaya mumsewu akafe ndi njala. Mwana wamkaziyo sanakwanitse n'komwe zaka 14. Mayi ake amutembenukira msana. Mlezi amene anamuyamwitsa, yemwe ankanyamula mauthenga pakati pa iye ndi Romeo, amulangiza kuti angokwatiwa ndi Paris, Romeo amuiwale. Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pa mtsempha umene munthu aliyense ali nawo, kaya ndi wa ku Verona kaya wa ku Dedza. Tonse timabadwira m'chikondi chimene sitinasankhe, cha makolo ndi abale, ndipo tikakula timapeza chikondi chimene tasankha tokha. Ambirife zikondi ziwirizi zimakhulana pang'ono n'kuzolowerana: apongozi amadandaula kuti mkamwini ndi waulesi, mayi amati mtengwa saphika bwino, moyo n'kumapita. Nkhani ya mabanja odana imatenga kukhulana kwa tsiku ndi tsiku kumeneku n'kukukoka mpaka pothera, pamene kusankha mmodzi ndi kupha mnzake. Timati chibale ndi fupa sichiola, ndipo n'zoona. Juliet akumva kuti msuweni wake waphedwa ndi mwamuna wake, ndipo kwa kanthawi sakudziwa woti amulire.

Pali luso linanso la mlembi limene limaoneka tikayerekeza seweroli ndi kumene analitenga. Shakespeare sanaipeke nkhaniyi. Luigi da Porto wa ku Italy anailemba cha m'ma 1530 ndi mayina omwewa ndi mzinda womwewu, ndipo mu 1562 Arthur Brooke anaisandutsa ndakatulo yaitali ya Chingerezi, imene Shakespeare anaigwiritsa ntchito. Kwa Brooke nkhaniyi imatenga miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, ndipo okondanawo amakhala m'banja lawo lachinsinsi kwa nthawi ndithu. Shakespeare anaipanikiza kuti iyambe Lamulungu n'kutha Lachinayi. Anatsitsanso zaka za Juliet kuchoka pa 16. Zotsatira zake n'zoti chikondi chawo sichipeza mpata wokalamba. Sitiwaona akukangana za ndalama ya ndiwo. Amafa chikondicho chikadali duwa, ndipo owerenga amalira zonse zimene zikanadzakhala, zimene aliyense amazijambula m'mutu mwake mokongola kuposa mmene moyo ukanazipangira.

Brooke m'mawu ake oyamba anadzudzula okondanawo kuti anatsata chilakolako n'kunyoza malangizo a makolo. Nkhani yomweyi, zochitika zomwezi, koma phunziro lake n'lakuti mawu a akulu akoma akagonera. Shakespeare anatembenuza mlandu n'kuuika pa makolo. Ichi n'chifukwa china chimene nkhani zotere zimayendera m'mayiko ambiri: zimalola kuti agogo ndi mdzukulu akhale pa mphasa imodzi, amve nthano imodzi, onse alire, koma aliyense akulira zake. Agogo akuti taonani mapeto a kusamva. Mdzukulu akuti taonani mapeto a kuuma mtima. Nthano yoti mbali imodzi yokha ndiyo ingaikonde siikhalitsa, chifukwa mbali inayo imasiya kuifotokoza.

Kufupika kwa nthawi kuja kumabweretsanso chinthu china, chimene ndingachitche "pang'onong'ono". Wansembe apatsa Juliet mankhwala omugoneka ngati wakufa kwa maola 42 kuti asakwatiwe ndi Paris, ndipo atumiza kalata yofotokoza zonse kwa Romeo ku Mantua, kumene anathawira. Wonyamula kalatayo, wansembe mnzake John, atsekeredwa m'nyumba ndi oyang'anira zaumoyo amene akuganiza kuti m'nyumbamo muli mliri, ndipo kalata siifika. Romeo amva za imfa yokha. Afika kumanda, amwa poizoni, ndipo Juliet adzuka patangopita mphindi zochepa. Ena amanyoza mathero amenewa kuti ndi ngozi chabe, osati zotsatira za chidani. Ine sindigwirizana nawo. Makalata amasochera tsiku lililonse ndipo palibe amafa. Kalata imasanduka nkhani ya moyo ndi imfa pokhapokha pamene njira zonse zolankhulirana poyera zatsekedwa, moyo wa anthu awiri n'kulendewera pa kapepala kamodzi. Chidani ndicho chinachepetsa njira mpaka kutsala imodzi, ngozi inangodula yotsalayo.

Chithunzi chimenechi ndi chakale kuposa Shakespeare. Ovid, mlakatuli wa ku Roma, analemba cha m'chaka cha 8 A.D. nkhani ya Pyramus ndi Thisbe a ku Babulo, amene nyumba zawo zinali zogundana khoma koma makolo anawaletsa kukwatirana. Ankanong'onezana kudzera pa mng'alu wa khomalo. Atapangana kukakumana kunja kwa mzinda, mkango unathimbiriza ndi magazi nsalu imene Thisbe anagwetsa pothawa, ndipo Pyramus ataiona anadzipha poganiza kuti wokondedwa wake wajiwa. Khoma lokhala ndi mng'alu ndilo nkhani yonse mwachidule. Okondanawo sali kutali, ali pafupi kwambiri moti akumva mpweya wa wina ndi mnzake. Chidani cha mabanja chimachitika pakati pa anansi, ndipo chikondi nachonso chimamera pakati pa anthu oonana. Khoma limodzi likugwira ntchito ziwiri.

Tisapitirire malire, komabe, n'kunena kuti dziko lonse limafotokoza nthano imodzi. Nkhani zambiri zimene anthu amazitcha Romeo ndi Juliet wa dziko lakutilakuti zilibe chidani cha mabanja konse. M'nkhani ya Layla ndi Majnun, imene inachokera kwa Aluya ndipo Nizami anailemba m'Chiperisiya mu 1188, bambo a mtsikana akukana mnyamatayo makamaka chifukwa waimba za mwana wawo poyera mpaka anthu kumutcha wamisala, zimene zachititsa banja manyazi. Ndipo owerenga ambiri achisilamu a chiphunzitso cha Sufi anaimva ngati fanizo la mzimu wofunafuna Mulungu, moti kulekanako sikukhala tsoka chabe koma njira. Nkhani zina choletsa chimakhala kusiyana chuma, chipembedzo kapena mtundu. Chofanana m'zonsezi n'chakuti ukwati uli m'manja mwa banja pamene mtima uli m'chifuwa cha munthu mmodzi. Chosiyana ndi dzina la khomalo, ndipo mtundu uliwonse umaikapo khoma limene ukulidziwa. Pamene nkhani ya ku Verona inasamutsidwira ku New York mu 1957 m'sewero lanyimbo la West Side Story, mabanja anasanduka magulu awiri a anyamata a mumsewu, azungu ndi ochokera ku Puerto Rico, ndipo nkhaniyo inagwirabe.

Nanga zija zoti chikondi choletsedwa chimakula? Akatswiri a maganizo a anthu anayesa kuzifufuza. Mu 1972 Richard Driscoll ndi anzake awiri ku Colorado, m'dziko la America, anafunsa anthu okondana okwana mapeya 140 ndipo anapeza kuti amene makolo awo ankalowerera kwambiri ankanena kuti chikondi chawo chikukula. Anachitcha dzina la Romeo ndi Juliet, ndipo chinalowa m'mabuku ambiri a sukulu. Koma mu 2014 gulu lina lotsogozedwa ndi Colleen Sinclair linabwereza kafukufukuyu ndi anthu pafupifupi 400 ndipo linapeza zosiyana: kumene achibale ndi abwenzi akutsutsa, chikondi ndi kukhulupirirana zimachepa. Izi sizodabwitsa kwa aliyense amene anaonapo banja lopanda ankhoswe likakumana ndi vuto loyamba. Palibe kothawira, palibe wokhazika pansi awiriwo.

Mbiri ili ndi chitsanzo chake chowawa. M'mphepete mwa mtsinje wa Tug Fork, pamalire a Kentucky ndi West Virginia ku America, munali mabanja awiri odana, a Hatfield ndi a McCoy. Mu 1880 Roseanna McCoy anakondana ndi Johnse Hatfield ndipo anachoka kwawo kukakhala kwa a Hatfield. Abale ake aamuna atamugwira Johnse, Roseanna anakwera hatchi usiku kukadziwitsa bambo a mnyamatayo, amene anabwera ndi anthu awo n'kumupulumutsa. Mpaka apa nkhaniyi ikuyenda ngati sewero. Koma Johnse anamusiya Roseanna ali ndi pakati, ndipo mu 1881 anakwatira msuweni wake wa Roseanna yemweyo, Nancy McCoy. Mwana wa Roseanna anamwalira ali wakhanda. Chidani sichinathe, chinakula: mu 1882 abale atatu a Roseanna anapha Ellison Hatfield ndipo iwonso anaphedwa pobwezera, kenako usiku wa chaka chatsopano cha 1888 a Hatfield anatentha nyumba ya bambo a Roseanna n'kupha ana awo ena awiri. Roseanna anamwalira asanakwanitse zaka 30.

Ikani nkhani ziwirizi pamodzi ndipo muona chimene sewero limatipatsa chimene moyo umatimana. Ku Verona chikondi sichigwedezeka mpaka imfa, ndipo imfayo imagula kanthu. Bambo Capulet atambasula dzanja kwa bambo Montague pamanda pomwepo n'kuwatcha m'bale, ndipo akunena kuti dzanjalo ndilo chuma cha ukwati wa mwana wawo. Chinkhoswe chija chachitika tsopano, mabanja akumana, avomera, koma akwati ali chigonere pakati pawo. Ngakhale pamenepa mlembi anasiyapo kaminga. Choyamba chimene nkhalamba ziwirizi zikulonjezana ndi kuumba mafano agolide, bambo Montague la Juliet, ndipo bambo Capulet ayankha msanga kuti la Romeo lidzakhala lamtengo wofanana. Ena oonera amamva kuyanjana m'mawu amenewa, ena amamva mpikisano wakale uja utangovala zovala za maliro, ndipo otsogolera seweroli pa nsanja amasankha okha kuti manja awiriwo agwirane motani.